Ndikupita kunja: chigayo, shopu ndi lole ndisiye bwanji m'manja mwa abale?

Funso: Ndili ndi zaka 62 ndipo ndimakhala pa Santhe ku Kasungu. Ndili ndi chigayo chamagetsi, shopu ya feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda, komanso lole ya matani atatu. Mu Novembala ine ndi mayi akunyumba tikupita kukakhala kwa mwana wathu wamkazi ku Ireland, mwina zaka zitatu, mwina kupitirira apo. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 29 amandithandiza m'shopu, mng'ono wanga wakhala pachigayo zaka 12, ndipo mwana wa mlongo wanga ndiye amayendetsa lole. Ana ena awiri akadali pasukulu. Onsewa ndimawakhulupirira, koma ndaona mabizinesi a anzanga akutha mwini wake atangotembenuka. Ndiyambire pati? — Bambo wa pa Santhe

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa mu Januwale muno, chifukwa miyezi khumi imene mwatsala nayoyi ndi yokwanira, koma yoseweretsa palibe. Ambiri amabwera kwa ine tikiti ya ndege ili kale m'thumba, kwatsala masabata awiri, ndipo zimene timakwanitsa ndi kusainirana pepala limodzi basi.

Ndiyambe ndi zimene ndaona pa zaka zimene ndakhala ndikuwerengera anthu mabuku a bizinesi kuno. Bizinesi yosiyira abale kawirikawiri siphedwa ndi wakuba. Imaphedwa ndi mawu amodzi amene mwini wake amanena pa tsiku lotsanzika: "Muziyang'anira zinthuzi." M'mawu amenewa aliyense amamvamo zake. Mwana amamva kuti bambo andipatsa. Mng'ono amamva kuti achimwene akachoka wamkulu pano ndine. Alongo anu kumudzi amamva kuti feteleza wa chaka chino tikangotenga kushopu. Palibe amene ali ndi mtima woipa, koma pakutha pa miyezi isanu ndi itatu mashelefu ayamba kuoneka matabwa. Tsono musananene mawu oti "ndakusiyirani", pa chinthu chilichonse mwa zitatuzo muyankhe mafunso atatu osiyana: mwini wake akhala ndani, woyendetsa tsiku ndi tsiku ndani, nanga odya phindu ndani, ndipo adya zingati. Lero mayankho onse atatu ndi inu nokha, n'chifukwa chake simunaonepo kusiyana kwake. Mukachoka adzakhala anthu osiyana.

Musaike anthu atatuwa pansi pa mtsogoleri mmodzi, komanso musawauze kuti aziyendetsa zonse pamodzi. Mng'ono wanu ndi bambo wamng'ono wa mwana wanuyo; sizidzatheka kuti mwana aziitanitsa mabuku kwa bambo ake aang'ono Loweruka lililonse popanda kukhumudwitsana. Ndipo mukaika mng'onoyo pamwamba pa shopu imene sanagulitsemo n'kamodzi komwe, mwanayo adzagwa mphwayi. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mwayi wanu ndi woti makola muli nawo atatu.

Tiyambe ndi chigayo, chifukwa ndicho chosavuta kukonza. Ine ndikanakhala inu ndikanachipereka kwa mng'ono wanu pa lendi, osati kumulemba ngati woyang'anira. Chigayo ndi bizinesi ya ndalama zing'onozing'ono zolowa m'manja tsiku lonse, ndipo munthu ali ku Ireland sangawerenge ndowa zimene zagayidwa pa Santhe. Pa lendi simufunikanso kuwerenga ndowa. Mumangodikira ndalama imene munagwirizana, yotsalayo ndi yake, ndipo akadzuka m'mamawa kukatsegula amadziwa kuti akudzigwirira yekha.

Nkhani ili pa kapezedwe ka lendi yoyenera, ndipo apa mita ya ESCOM ndiye mboni yanu. Kuyambira mawa, tsiku lililonse lembani m'kope zinthu ziwiri: mayunitsi amene atha, ndi ndalama imene yalowa. Tiyerekeze kuti pakutha pa mwezi wapakatikati mwapeza kuti mayunitsi 2,400 abweretsa K3,000,000. Ndiye kuti yunitsi iliyonse imabala K1,250. Manambalawa ndangopereka ngati chitsanzo, anu adzatuluka m'kopemo. Pa K3,000,000 ija tichotse K900,000 ya magetsi, K450,000 ya malipiro a anyamata ogayitsa ndi mlonda, ndi K250,000 ya masefa, malamba, girizi ndi nyundo za m'chigayo zimene zimatha. Yatsala K1,400,000. Lendi ya K700,000 pamenepa ndi yachilungamo: theka kwa mwini makina, theka kwa wotuluka thukuta. Mukaika K1,200,000 chifukwa choti chigayo ndi chanu, mng'ono wanu adzalipira miyezi iwiri yoyamba, wachitatu adzayamba kupepesa, kenako adzasiya kugula masefa atsopano kuti apeze yanu, ndipo makinawo ndiwo adzalipire.

Pali zinthu ziwiri zoti mukonze pa lendiyo. Choyamba, chigayo sichigwira mofanana chaka chonse. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti anthu akangokolola pamakhala mzere, koma Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikapepuka mota imakhala duu theka la tsiku. Lendi ikhale yokwera miyezi yokolola, yotsika miyezi ya njala, bola zonse za chaka zikwane. Chachiwiri, musailembe m'makwacha okha. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasainira lendi yosasintha ya zaka zitatu anadzuka atataya gawo lalikulu la mphamvu ya ndalama yake. Ilembeni motsata mtengo wogayitsira. Ngati ndowa imodzi ikugayidwa pa K1,000, lembani kuti lendi ndi mtengo wogayitsira ndowa 700 pamwezi. Mtengo wa pachigayo ukakwera, lendi ikwera yokha popanda kuimbirana foni yokangana.

Mulembenso za tsiku limene mota idzapse, chifukwa idzapsa ndithu. Zing'onozing'ono zotha ndi ntchito azigula wa lendi. Zazikulu, monga kukulunganso mota kapena kusintha shafuti, ndi za mwini makina. Njira yabwino ndi yoti pa lendi ya mwezi uliwonse K100,000 izipita ku akaunti yapadera yokonzera zinthu, kuti tsikulo likafika chigayo chisaime masabata atatu podikira kuti mutumize ndalama. Ndipo ngakhale chili pa lendi, mng'ono wanu azikutumizirani chithunzi cha mita kumapeto kwa mwezi. Mukaona mayunitsi akukwera pamene iye akudandaula kuti ndalama sikulowa, musathamangire kuganiza zakuba. Nthawi zambiri nyundo zatha ndipo chigayo chikudya magetsi ambiri pa ndowa imodzi, kapena anthu akugayitsa chimanga chosauma bwino, kapena achibale ayamba kugayitsa ulere. Zonsezi n'zokonzeka mukazidziwa msanga.

Lole ndinene mwachidule: igulitseni. Pa zinthu zanu zitatu, iyi ndi imene singayang'aniridwe muli kutali. Ulendo wonyamula mabelo kupita ku Chinkhoma ukhoza kulembedwa, koma matumba a soya amene inanyamula pobwerera sadzaoneka m'buku lililonse, pamene matayala ndi injini zikutha pa dzina lanu. Mwana wa alongo anuyo mumpatse mwayi woyamba wogula, pa mtengo wofewa pang'ono ngati mtima wanu ukufuna, azilipira m'miyezi ino muli pano, ndipo bulubuku isinthidwe dzina musananyamuke. Akalephera, gulitsani kwa wina, mumpatse zake zonse za ntchito. Ndalama ya lole ikalowa mu mpamba wa shopu idzagwira ntchito yooneka.

Shopu ndiye pofunika kukhalapo nthawi, chifukwa m'menemo ndi mmene muli mpamba wanu weniweni, ndiponso ndi mmene mwana wanu akuonera tsogolo lake.

Mwanayo mumulipire. Apa ndinalakwitsapo ine mwini, ndipo sindiiwala. Zaka zapitazo ndinathandiza banja lina cha ku Mchinji kulemba mgwirizano woti mwana woyendetsa shopu azilandira gawo la phindu pakutha pa chaka, popanda malipiro a pamwezi. Ndinkaona ngati zimulimbikitsa. Koma munthu amadya tsiku lililonse, sadikira Disembala. Anayamba kutenga m'kabati ya ndalama, lero ya ndiwo, mawa ya mwana wodwala, zonse zomveka, osalemba paliponse. Pofika nthawi yowerengera, iye sanathe kufotokoza, makolo ake sanathe kumukhulupirira, ndipo mpaka lero salankhulana bwino. Vuto linali pepala limene ndinalemba ine. Tsono mwana wanu akhale ndi malipiro a pamwezi ofanana ndi amene mukanapatsa munthu wachilendo wodziwa ntchitoyo, kuonjezera apo gawo la phindu, mwina limodzi mwa magawo asanu, likadziwika pambuyo powerenga katundu. Chilichonse chimene watenga m'shopu, ngakhale botolo limodzi la mankhwala a mbozi, chilembedwe ndi kuchotsedwa pa malipiro ake.

Kuti phindulo lizidziwika pafunika poyambira. Sankhani tsiku, mutseke shopu, muwerenge katundu yense muli atatu: inu, mwanayo, ndi munthu wina wosakhala wa m'banja amene amadziwa mabuku. Chilichonse chiwerengedwe pa mtengo umene munagulira, osati wogulitsira. Mbewu ya chaka chatha imene yatsala ndi mankhwala amene masiku ake atha ziikidwe pambali, zisalowe m'chiwerengero, chifukwa mukazilemba ngati mpamba mukhala mwasenzetsa mwana ngongole ya zinthu zosagulitsika. Kenako buku la ngongole. Shopu iliyonse ya feteleza ili ndi alimi amene anatenga matumba mu Disembala kuti adzabweze akagulitsa fodya, ndipo ndikudziwa kuti ngongole zambiri zotere zili m'mutu mwanu, osati papepala. Anthu amenewo anakongola kwa inu, amachita manyazi ndi nkhope yanu. Mukakwera ndege, ena adzanena kuti "ndinathana ndi bambo ako". Tolerani nokha zimene mungathe nyengo ya msika wa fodya ikubwerayi. Otsalawo muwayendere limodzi ndi mwanayo, asainire ndalama imene yatsala pamaso panu nonse. Chimodzimodzi amene inu muli nawo ngongole ku Lilongwe kumene mumaoda katundu: mupite naye, amuone, adziwe kuti kuyambira tsiku lakuti woitanitsa ndi uyu.

Mukakhala ndi chiwerengero choyambira, kuyang'anira shopu muli kutali kumasanduka masamu apafupi. Tinene kuti tsiku lowerenga munapeza katundu wa K18,000,000. M'miyezi itatu mwanayo waoda wina wa K10,000,000, malisiti alipo. Powerenganso papezeka wa K16,000,000. Ndiye kuti katundu amene watuluka ndi wa K12,000,000 pa mtengo woodera. Ngati mumaonjezera K15 pa K100 iliyonse, ndalama yolowa iyenera kukhala K13,800,000. Tsopano onani zimene zinalowa kubanki, muphatikize ndi zimene zinalipiridwa kuchokera m'kabati zokhala ndi malisiti, tinene K12,300,000, kuonjezera ngongole zatsopano zolembedwa za K600,000. Zonse pamodzi K12,900,000. Pasowa K900,000. Funso lanu likhale pa nambala imeneyi, osati pa khalidwe la mwana. Mwina anatsitsa mtengo chifukwa shopu yoyandikana nayo inatsitsa, mwina matumba ena anang'ambika, mwina azakhali ake anabwera ndi misozi ndipo sanathe kuwakaniza. Kuwerenga kotereku kuzichitika miyezi itatu iliyonse, ndipo owerenga akhale munthu wakunja uja, wolipidwa pa ntchito yakeyo. Izi zimateteza mwanayo kuposa inu, chifukwa abale ake akadzanena kuti akudya yekha chuma cha bambo, ali ndi pepala loonetsa.

Ndatchula azakhali, ndipo nkhani imeneyi siyodumpha. Inu mwakhala mukuthandiza abale kuchokera m'shopu zaka zonsezi, ndipo mumadziwa pokana ndi povomera. Mwana wa zaka 29 sangakanize mlongo wa bambo ake thumba la feteleza. Akakana adzatchedwa wamwano, akavomera mpamba utha. Muchotseni pamoto umenewu. Khalani pansi ndi mayi akunyumba, mulembe amene mumawathandiza chaka ndi chaka ndi kuchuluka kwake: matumba angati kwa ndani, fizi ya ana awiri aja teremu iliyonse, ndalama yapadera ya maliro ndi matenda. Zimenezi zizichokera ku gawo lanu la phindu ndi ku lendi ya chigayo, osati pa shelefu. Wobwera ndi pempho loposa pamenepo, mwanayo azingoti, "Zimenezo n'za bambo, aimbireni." Wokana mukhale inu, muli kutali komweko.

Tsopano mapepala. Ngati bizinesi yanu inalembetsedwa kwa Registrar General m'dzina lanu nokha, monga zilili ndi ambiri, pamaso pa lamulo bizinesiyo ndi inuyo. TPIN ya ku MRA ndi yanu, msonkho ukapanda kulipidwa ngongole ndi yanu, laisensi ya kukhonsolo ndi chilolezo chogulitsira mankhwala a m'munda zili pa dzina lanu, akaunti ya kubanki wosainira ndinu. Zonsezi muziyendere chimodzichimodzi muli pano. Kubanki mukalembetse mwanayo ngati wosainira, ndipo mufunse kuti pakhale malire a ndalama imene angatulutse yekha, yoposa apo pafunike chilolezo chanu. Inu muzitha kuona akauntiyo pa foni. Pali kanthu kena kamene ambiri amaiwala: makasitomala anazolowera kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba ya nambala yanu. Mukapita nayo nambalayo, ndalama ya shopu izikutsatirani kumene simungathe kuigwiritsa bwino ntchito. Mukaisiya, mwasiyira munthu layini yolembetsedwa pa chiphaso chanu. Shopu ikhale ndi nambala yakeyake yolandirira ndalama kuyambira tsopano, anthu aizolowere.

Mudzafunikanso kalata yolembedwa kwa loya yopatsa munthu mphamvu yokuimirani pa zinthu zofuna siginecha yanu. Isainidwe musanachoke, chifukwa kuikonzera kunja n'kodula komanso kochedwa. Musalole kalata yoti "achite chilichonse m'malo mwanga". Itchule zimene angachite, monga kukonzanso malaisensi, kuyankha za msonkho ndi kulankhula ndi ESCOM, ndipo inene poyera kuti sangagulitse malo, nyumba kapena makina, ndiponso sangatenge ngongole pokoleka katundu wanu. Ikhale ndi tsiku lothera. Koma dziwani malire ake: kalata yotere imagwira ntchito inu muli moyo. Tsiku limene mwatisiya mphamvu yake imatha, banki ikamva imatseka akaunti ya dzina lanu, ndipo palibe angaikhudze kufikira atapezeka wololedwa ndi khoti kuyendetsa chuma cha masiye. Zimenezi zimatenga miyezi. Zikachitika mu Okutobala, shopu ya feteleza yaphonya nyengo yonse.

N'chifukwa chake pa shopu ndimalangiza kuganizira zotsegula kampani. Pansi pa lamulo la makampani la 2013, kampani ndi munthu payokha: ili ndi akaunti yake, ndipo mwini masheya akamwalira iyo imapitirira. Inu ndi mayi mukhoza kusunga masheya ambiri, mwanayo n'kukhala dayirekitala wokhala m'dziko muno, ndipo chaka chilichonse chimene wayendetsa bwino muzimuonjezera masheya monga mwalemberana. Potero akudziwa kuti akumanga chake, osati kungosungira abale ake. Koma kampani ili ndi katundu wake: mabuku oyenera, malipoti a chaka ndi chaka ku ofesi yolembetsa makampani, ndi msonkho wa 30 peresenti pa phindu. Pa shopu ya mpamba ngati wanu ndi ulendo wautali chonchi, ine ndimaona kuti n'koyenera. Pa chigayo cha lendi palibe chifukwa. Pepala la mgwirizano losainidwa pamaso pa mboni likwanira.

Wilo lembani, musaope kuti mukudziitanira imfa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira iye monga lamulolo likuwatchulira. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Izi n'zabwino kwa mayi ndi ana, koma taonani mbali inayi: mng'ono wanu amene wathera zaka 12 mu fumbi la ufa sali pa mndandanda woyambawo. Ngati mumtima mwanu mukufuna kuti chigayo kapena gawo lake lidzakhale lake, polembapo ndi mu wilo, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri zimene sizilandirapo kanthu. Mufufuzenso za malo amene chigayo chakhalapo. Ngati munapatsidwa ndi amfumu pakamwa, kapena ndi malo a kuchikazi kwa mayi anu, makina ndi anu koma nthaka ena akhoza kuiloza. Pezani kalata ya amfumu muli pano, ndipo ngati n'kotheka yambani za lizi.

Antchito nawonso ali ndi zawo. Lamulo la ntchito la 2000 limati bizinesi ikasintha manja, antchito amapitirira ndi zaka zawo zonse kwa mwini watsopano, sayambiranso. Ndipo wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa amayenera kulandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kupitirira apo. Munthu amene wagwira ntchito zaka 12 ndiye kuti ndi masabata 33, kuposa malipiro a miyezi isanu ndi iwiri. Ngati mlonda kapena wogayitsa wanu wakhalitsa chonchi, mulembe bwino kuti udindo umenewu ukhala pa ndani, kuti usadzagwere mng'ono wanu mwadzidzidzi ku ofesi ya zantchito.

Zonsezi zikalembedwa, itanani banja. Pakhale mayi, ana onse kuphatikizapo wa ku Ireland pa foni, mng'ono wanu ndi mkazi wake, alongo anu, mwini mbumba, ndi amfumu kapena mkulu wa mpingo ngati mboni. Muwerenge nokha mokweza, ndi pakamwa panu, kuti chakuti chili m'manja mwa uje pa mfundo zakuti. Ena adzati mapepala pa chibale ndi kusakhulupirirana. Auzeni kuti chibale ndi fupa, sichiola, koma chimathyoka, ndipo chimene chimachithyola kawirikawiri ndi mawu amene aliyense anawamva mosiyana. Akazi a anthu amene mukuwasiyirawa asasowe pa msonkhanowu, chifukwa zimene zidzakambidwe kunyumba madzulo n'zimene zidzalimbitse kapena kugwetsa mgwirizanowo.

Chinthu chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi ichi: chokani musanachoke. Mgwirizano uyambe kugwira ntchito pa 1 Juni, osati mu Novembala. Kuyambira Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti, perekani makiyi, mupite kumudzi kapena kwa abale ku Lilongwe, ndipo musaponde pashopu kapena pachigayo. Muzilandira zokhazo zimene muzidzalandira muli kunja: uthenga umodzi pa sabata wonena zogulitsidwa ndi zoikidwa kubanki, chithunzi cha mita, lendi pa tsiku lake. M'miyezi itatu imeneyi mudzatulukira zinthu zimene palibe akanaziganizira patebulo: kuti ndinu nokha amene mumadziwa mmisiri wokonza mota, kuti oodetsa katundu sapereka pa ngongole kwa wina koma inu, kuti kiyi wa sefa ya ndalama ndi mmodzi. Pa 31 Ogasiti werengani katundu, muone masamu aja. Mukapeza dzenje muli ndi miyezi iwiri yolikwirira. Kenako mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yooda feteleza ndi mbewu, imene ndi nthawi imene ndalama yaikulu ya chaka imatuluka, mwanayo aode yekha inu mutakhala pambali. Akalakwitsa pang'ono, monga kuchulutsa mtundu wa mbewu umene alimi a kwanuko sakonda, musamulande cholembera. Mufunseni chifukwa chake, amve yekha pamene paterera.

Gawo lovuta pa miyezi imeneyi lidzakhala lanu. Anyamata a pachigayo ndi a m'shopu adzakuimbirani mwamseri: "Bwana, kuno zinthu sizili bwino." Mukangoyamba kupereka malamulo kudzera mwa iwo, mwamuvula mwana wanu ndi mng'ono wanu ulemu pamaso pa antchito, ndipo sadzaupezanso. Mverani, thokozani, kenako funsani woyendetsayo pa nthawi yanu yolankhulana. Muli kunja lamulo likhale lomweli: munthu mmodzi pa bizinesi iliyonse, tsiku limodzi pa sabata.

Za gawo lanu la phindu, musawerengere kuti lizikupezani ku Ireland mwezi ndi mwezi. Kutumiza ndalama kunja kumadutsa m'malamulo a Reserve Bank, ndipo ndalama zakunja m'mabanki mwathu zimavuta kupeza. N'kwanzeru kuti gawo lanulo lizilipira fizi ya ana ndi thandizo la abale konkuno, lotsala lizikhala mu akaunti ya dzina lanu ndi la mayi, imene woyendetsa bizinesi amangoikamo koma sangatulutsemo.

Pomaliza pa pepala lililonse mulembe mmene mgwirizanowo ungathere. Mwana wanu akhoza kupeza ntchito ku Lilongwe chaka chamawa, mng'ono wanu akhoza kudwala, inunso mukhoza kubwerako msanga nyengo yozizira ya kumeneko itakukanani. Aliyense wofuna kusiya apereke chidziwitso cha miyezi itatu, katundu awerengedwe pa tsiku lotuluka monga anawerengedwera pa tsiku lolowa, ndipo makina aonedwe ndi mmisiri yemwe uja. Lendi ikapanda kulipidwa miyezi itatu yotsatizana popanda chifukwa chimene mwagwirizana, kapena kuwerenga katundu kukaonetsa dzenje kawiri motsatizana, mutchuliretu munthu amene adzakhale pakati, kaya ndi mwini mbumba kapena wowerengera mabuku uja, ndi amene adzagwire makiyi pamene nkhaniyo ikukambidwa. Mulembenso kuti mukadzabwerera, mudzabwerera ngati ndani pashopupo: mwini masheya wolandira gawo lake, kapena woyendetsa. Mwana amene wayendetsa shopu zaka zitatu sadzabwereranso mosavuta kukhala wotumidwa, ndipo ndi bwino funso limeneli muliyankhe chaka chino, inu ndi iye muli pa khonde limodzi pa Santhe.